Akakukanani nchito, funsani pamene munagwera

Mu basi ya ku Matero kapena Chawama ndimamva kawirikawiri mawu akuti, “Ananikana cabe, anali kale na munthu wawo.” Nthawi zina n'zoona. Koma ine ndikuti musanafufute nambala ya kampaniyo, funsani.

Funsani pasanapite masiku atatu, akali kukumbukira nkhope yanu. Osafunsa kuti “N'cifukwa ciani simunanditenge?” Funso limenelo limamveka ngati mlandu, ndipo adzangoti anapeza wina woyenerera. Lembani meseji yaifupi kwa amene anakuitanani ku intavyu: “Zikomo pondipatsa mpata. Ndi funso liti limene sindinayankhe bwino?” Kamodzi cabe. Akakhala cete, asiyeni.

Manje tinene kuti munafuna ukashiya m'sitolo ya ku Kamwala, ndipo akuuzani kuti munagwera pa funso lakuti mungacite ciani ngati ndalama zashota na K50 poweruka. Inu munayankha kuti, “Ine ndine wokhulupirika.” Aliyense amene anakhala pampandopo ananena zomwezo. Iwo anafuna kumva zimene manja anu adzacita: kuwerenganso ndalama, kuziyerekeza na malisiti, kuitana supavaiza musanacoke pamalo, ndi kulemba zimene zacitika. Osabisa, osaikapo yanu mwakacetecete.

Yankho limeneli linenereni pa foni mokweza, mudzijambule, lisapitirire mphindi imodzi. Mukamvetsera mudzadzimvera nokha pamene mumazungulira.

Koma akakuuzani kuti anafuna wa satifiketi ya Giredi 12 ndipo inu mulibe, kuyeseza mayankho sikudzathandiza. Pamenepo ndalama ya transipoti isungireni mayeso a GCE.