Chigamba cha m'mutu si chipere nthawi zonse

Ku Masasa kuno mwana akaoneka ndi chigamba m'mutu, chigamulo chimabwera msanga. Wina akuti chipere, wina akuti afiti amumeta usiku. Mayi amathamangira mu msika wa Mzuzu kukagula mankhwala opaka, miyezi n'kumatha, chigamba chili pompo. Ine ndikuti tisanataye makwacha, tiyambe tayang'ana manja a mwanayo, pakuti pena wozula tsitsilo ndi mwini wake yemwe.

Vutoli madokotala amalitcha tirikotilomaniya, dzina lomwe dokotala wa khungu wa ku France, François Hallopeau, adalipereka mu 1889. Kawiri-kawiri limayamba pa zaka 10 mpaka 13, ndipo ena amakula nalo. Munthu amamva chilakolako choti azule tsitsi, akazula mtima umakhala pansi kwa kanthawi, kenaka manyazi. Ena sazindikira n'komwe kuti dzanja lili kumutu. Tsono akamakana kuti sindine, sikuti nthawi zonse akunama.

Nanga tingasiyanitse bwanji? Chipere chimayabwa, chimatuwa, ndipo chimakhala ndi timamba ngati mfundu. Chimenecho n'cha mapiritsi akuchipatala. Pali nthenda ina yothothola tsitsi imene imasiya dazi lozungulira ngati ndalama, losalala see. Tsitsi lothothoka chifukwa cha zingongo kapena meshi yokoka kwambiri limayambira m'mbali ndi pachipumi. Koma chigamba chozula ndi dzanja sichikhala ndi maonekedwe olongosoka. Khungu lake ndi labwino-bwino, lopanda mamba, ndipo silikhala mbee. Pamatsala titsitsi toduka, tina tatitali tina tatifupi, tolasa ukasisita. Nthawi zambiri chimakhala paliwombo kapena pomwe dzanja limafika mosavuta. Onaninso nsidze ngati zikuperewera, ndi tsitsi logwera pamphasa kapena m'kope la sukulu.

Tiyerekeze mtsikana wa Sitandade 8 amene akukonzekera mayeso. Makolo aona chigamba, amumeta mpala n'kumupaka mankhwala. Pakatha milungu itatu tsitsi lamera mutu wonse mofanana, onse akuti mankhwala agwira. Zoona zake n'zakuti tsitsi limakula pafupi-fupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye linali lalifupi losagwirika ndi zala. Likangotalika, chigamba chija chabwerera. Kubwerera kotereku ndiye chizindikiro chachikulu, ndipo ometa ndi amayi a m'masaluni ndiwo angathe kuchiona msanga kuposa tonsefe.

Apa ndi pomwe timalakwa. Timamenya dzanja, timakalipa pamaso pa anzake, ena mpaka kumupaka tsabola ku zala. Chilango chimaonjezera nkhawa, ndipo nkhawayo ndi imene imatuma dzanja kumutu. Mwana amangophunzira kukazulira kuchimbudzi.

Njira yomwe yaonetsa kuti imathandiza idakonzedwa ndi akatswiri awiri, Azrin ndi Nunn, mu 1973, ndipo siifuna ndalama. Choyamba, kwa mlungu umodzi mtsikana uja alembe kuseri kwa kope nthawi ndi malo pomwe wazula. Mwina apeza kuti ndi usiku powerenga, chigongono chili patebulo, dzanja lamanzere lili m'mutu. Chachiwiri, akangomva dzanja likukwera, afumbate chibakera kapena afinye kampira ka nsanza kwa mphindi imodzi, mpaka chilakolako chitazirala. Chachitatu, nthawi yovutayo avale duku kapena chipewa cha ulusi, chomwe ndi kuzizira kwa Mzuzu palibe angadabwe nacho, ndipo amate pulasitala pa chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti tsitsi lisagwirike. Chachinayi, agwirizane ndi mayi ake kachizindikiro kachinsinsi, monga kutsokomola, m'malo mokuwa kuti "Wayambanso!" Wogulitsa pa benchi amene amazula podikira makasitomala angachite chimodzi-modzi.

Tisanamizane, sizitha tsiku limodzi. Mayeso kapena maliro akabwera vutolo limatha kubwerera, ndipo pamenepo n'kuyambiranso osakalipa. Tsitsi limameranso pakapita miyezi ingapo, koma pamalo pozulidwa zaka zambiri likhoza kumera lopyapyala kapena osameranso.

Pali nthawi yosadikira. Ngati mwana amatafuna ndi kumeza tsitsilo, limatha kuunjikana m'mimba n'kupanga mpira wofunika opaleshoni. Akamadandaula m'mimba, kusanza kapena kuonda, pitani naye ku Mzuzu Central Hospital ndipo mukanene za tsitsilo. Chimodzi-modzi pakatuluka mafinya. Akayamba kujomba kusukulu kapena kudzipatula chifukwa cha manyazi, a St John of God mu mzinda momwe muno ali ndi alangizi a za maganizo.

Pempho langa likupita kwa inu ometa, aphunzitsi ndi makolo. Mukaona chigamba chopanda mamba, cha titsitsi tosiyana kutalika, muitanireni mwanayo pambali, mumufunse mofatsa kuti dzanja limapita kumutu nthawi yanji. Funso limenelo lichita zambiri kuposa chikwapu.