Bwana akati “tangowonjezerani apa”, tulutsani kope

Mikangano yambiri ya amisiri omanga ndi mabwana awo kuno ku Dedza imayamba ndi mawu okoma: “Amisiri, tangowonjezerani kachipinda apa.” Mmisiri amavomera pakamwa, poopa kuoneka wamwano. Tsiku lomwe anagwirizana likadutsa denga lisanafoleredwe, bwana wayiwala kachipinda kaja, akungokumbukira tsikulo, ndipo ndalama yotsala akuikaniza.

Ine ndimati chosintha chilichonse chizilembedwa m'kope la ntchitoyo, chokhala ndi nambala yake, tsiku lomwe chapemphedwa, mtengo wake, masiku omwe chidye, ndipo kumapeto tsiku latsopano lomalizira. Onse awiri asaine mmisiri asanagwire njerwa.

Tiyerekeze kuti wogula kachewere pa Bembeke akumangitsa sitolo ya zipinda ziwiri, yoti ithe pa 31 Okutobala mvula isanayambe. Khoma lili m'chiuno, akupempha chipinda chachitatu chosungiramo matumba. Kukumba maziko ndi kumanga ndi masiku 6. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: njerwa zomwe zilipo n'za zipinda ziwiri, ndipo kudikira ngolo kuti itute zina kudya masiku 3. Choncho m'kope mulowe masiku 9, ndipo tsiku lomalizira lapita pa 9 Novembala.

Kenaka bwana akuti khomo likulitsidwe kuti wilibala idzalowe, koma lintala yathiridwa kale. Kugumula ndi tsiku limodzi, kukhoma matabwa ndi kuthira konkire ina tsiku linanso, ndiye konkireyo idikiridwe pafupifupi sabata isanasenze katundu. Kodi tilembenso masiku 9? Ayi, kumeneko n'kumubera bwana. Pa masiku 7 odikirawo, anyamata ali ndi ntchito ya masiku 5 pa makoma ena. Otayika ndi 2 okha, kuphatikiza 2 ogumula ndi kuthira, onse pamodzi 4. Tsiku latsopano ndi 13 Novembala. Muziwerenga masiku okhawo omwe aimitsa ntchito yotsatira. (Ikakhala miyezi ya Juni ndi Julayi, onjezerani, pakuti simenti imachedwa kulimba m'chisanu chathuchi.)

Ngakhale bwana atasintha mtundu wa penti isanagulidwe, lembani ndithu: nambala 3, masiku 0. Akaona kuti zina simuwerengera, sadzakukayikirani pa zomwe mwawerengera.

Ena amati kusainitsa munthu amene mumapemphera naye mpingo umodzi n'kumuyesa wakuba. Ndikuwamva, koma taonani phindu lomwe bwanayo amapeza. Akaona “13 Novembala” papepala, n'kukumbukira kuti mitambo imayamba kusonkhana pa phiri la Dedza m'mwezi womwewo, akhoza kunena yekha kuti, “Khomolo lisiyeni, tifolere kaye malata.” Pakamwa pokha sakanadziwa kuti khomo lotakasukalo lisiya denga lili pululu masiku 4 ena.