Ku Tete Musalowe mu Msika ndi Lilime Limodzi

Ndikutsutsana ndi anzanga a ku Ulongwe, Domwe ndi Tsangano amene amati munthu wopita ku Tete safunika Cinyungwe. Ena amati Cipwitikizi ca kusukulu cikwanira. Ena amati Anyungwe amamva Cinyanja, ndiye tivutikirenji. Amamvadi, koma amamvanso kuti mwatsika m'shapa lero lomwe ndipo simudziwa mtengo wa cinthu ciliconse. Cipwitikizi cosalala pa mulu wa tomato cimakuikani m'gulu la olandira malipiro pa mwezi. Cinyanja cathu ca m'malire cimakusandutsani Mmalawi wodutsa, amene sadzabweranso mawa. Onse awiriwa amauzidwa mtengo wa alendo.

Cimene cimatiulula msanga ndi mawerengero. Ife tinazolowera misika ya m'malire, kumene timati fifite, handiredi. Pa msika wa Kwacena ndalama zimawerengedwa m'Cipwitikizi, ngakhale nkhani yonse ili m'Cinyungwe: vinti, trinta, sinkwenta. Ukangoti “fifite”, wagulitsa kale mbiri yako. Conco phunziro loyamba ndi kusiya manambala a Cingerezi ku Zobwe.

Cinyungwe ndi m'bale wa cinenero cathu, ndiye ulesi wathu ulibe pobisala. Madzi ndi madzi, kugula ndi kugula. Zosintha ndi zowerengeka, ndipo zina zimatsata njira imodzi. Pamene ife timati zinthu, iwo amati bzinthu. Kumva ndi kubva, kufunsa ndi kubvunza, anthu ndi wanthu. Khutu likagwira phokoso la bz ndi bv, nkhani imene inkamveka ngati mkokomo imayamba kumasuka. Kenaka pali mawu angapo ofunika kuwaloweza basi: bwanji ndi tani, ndalama ndi kobiri, nchito ndi basa, kunena ndi kulewa, kuti ndi kuponi, bwenzi ndi shamwali.

Tiyerekeze kuti mukufuna mulu wa nsomba zouma. Musayambe ndi kuloza cala. Imani cauko ngati mukudikira wina, mumve zimene mayi wa ku Matundo kapena ku Cingodzi akulipira pa mulu wofanana. Tinene kuti wapereka sinkwenta ndipo amuikirapo basela. Tsopano fikani, mupereke moni: “Muli tani, mai?” Dikirani ayankhe. Kenaka: “Kobiri zingasi?” Akakuuzani setenta, musakalipe kapena kuwacha akuba. Sekani pang'ono, muchule sinkwenta ija, ndi mawu ofatsa. Pomaliza nenani “Ndatenda kwene-kwene”, ndipo mawa mubwerere kwa mayi yemweyo. Pofika tsiku lacitatu basela limabwera osapempha.

Pali msampha umodzi. Mukapereka moni bwino, wogulitsa amaganiza kuti mumadziwa zonse, nayamba kuthamanga. Anthu ambiri apa amangogwedeza mutu cifukwa ca manyazi, n'kuvomera mtengo umene sanaumve. Mawu okupulumutsani ndi awa: “Ndiribe kubva, lewani pomwe”, kutanthauza kuti sindinamve, nenaninso. Ine ndimawaika patsogolo ngakhale pa moni.

Wina andifunsa kuti kodi uku si kudzibisa, kucita manyazi ndi Cinyanja. Ayi. Simungabisale n'komwe, lilime la ku Angoniya limamveka pa liwu laciwiri. Wogulitsa sakupusitsidwa. Akuona munthu amene wakhalako masiku, amene akudziwa mitengo, amenenso wamulemekeza pakhomo pake. Ife tomwe, Mnyungwe akabwera kudzagula mbatatesi kumunda nati “Mwaswera bwanji, amalume?”, kodi sitimudzazira thumba mpaka kusefukira? Nanga akamatilankhula Cipwitikizi cokhacokha ali m'galimoto, timamuyeza bwanji? Tisafune kwa anzathu ulemu umene ife tikukana kuupereka.

Sindikulonjeza zozizwitsa. M'sitolo ya mitengo yolembedwa, Cinyungwe sicicotsa ngakhale metikali imodzi. Mtengo wa shapa ndi umodzi kwa onse, ngakhale kuti pa katundu pamakhala kukambirana, ndipo pamenepo lilime limagwira nchito. Ku ofesi mapepala ndi a Cipwitikizi, koma mlonda wa pakhomo amene mwamupatsa moni m'cinenero cake ndiye amakuuzani mzere woyenera musanataye m'mawa wonse.

Nthawi yake si yaitali. Wailesi ya Mozambiki ya ku Tete imaulutsa m'Cinyungwe komanso m'Cinyanja, ndiye mukhoza kuyamba muli kumudzi: mverani nkhani m'cinenero cathu, kenaka mumvere za Cinyungwe, muzisaka mawu amene asintha. Mukafika m'tauni, tengani mawu asanu pa tsiku kwa mwini nyumba kapena kwa ana, amene satopa kukonza munthu wamkulu ngakhale amayamba aseka. Lankhulani mawuwo tsiku lomwelo pogula makala kapena potunga madzi. Masabata awiri otere akukwanirani pa msika. Ndipo amene adzapitirire ku Beira adzapeza kuti tani, kobiri ndi basa zilinso m'Cisena.