Ndemanga: "Sabata yamawa" si tsiku la msonkhano

Abusa, mashehe ndi mafumu amadandaula kawirikawiri kuti anthu sabwera kumisonkhano. Ife tikuona kuti nthawi zambiri wolakwa ndi wolengeza, chifukwa amatchula mawu amene aliyense amawamva mwa njira yake.

Tiyerekeze komiti yokonza mjigo pamudzi wina ku Makokola, m'boma la Mangochi, kumene Akhristu ndi Asilamu amatunga madzi pamodzi. Lamulungu pa 5 Okutobala 2025 mlembi wa mpingo akuimirira nalengeza kuti: "Msonkhano wa mjigo uliko Lachitatu sabata yamawa." Mayina athu a masiku amawerenga kuyambira Lolemba, n'chifukwa chake timati Lachiwiri, Lachitatu mpaka Lachisanu. Amene amawerenga motero akuona kuti Lamulungu likutseka sabata, choncho kwa iye msonkhano uli pa 8. Koma makalendala ambiri opachika pakhoma amayamba ndi Lamulungu. Wotsata kalendala yotere akuti sabata ino yayamba lero lomwe, ndiye yamawayo Lachitatu lake ndi pa 15. Onse awiri sanalakwe, komabe asiyana masiku asanu ndi awiri. Komanso pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, la tchuthi, mwakuti wolengeza akanatchula deti wina akanadzutsa dzanja pomwepo.

Tisaiwalenso kuti liwu lakuti Sabata kwa Akhristu ambiri ndi Lamulungu, pamene kwa a Seventh Day ndi Loweruka. Kunena kuti "tikumane Sabata likubwerali" pamsonkhano wa mipingo yosiyanasiyana n'kuitana anthu masiku awiri.

Mawu ovuta kwambiri kunyanja kuno ndi akuti "mwezi ukamatha". M'Chichewa mwezi wa pakalendala ndi mwezi wa kumwamba dzina lake n'limodzi, koma siyendera pamodzi. Wa kumwamba umatha masiku 29 ndi theka, pamene Okutobala ali ndi masiku 31. Msodzi wa usipa amayang'ana kumwamba, popeza nyali zake zimakoka nsomba bwino kukakhala mdima. Mu Okutobala 2025 mwezi unalowa mumdima weniweni pa 21, ndipo abale athu Achisilamu, amene amayamba mwezi akauona utangotuluka, mwezi wawo unathanso chapomwepo. Wa kutchalitchi akamva "mwezi ukamatha" amaganiza za Lamulungu lomaliza, lomwe linali pa 26. Mphunzitsi amaganiza za tsiku la malipiro, pamene wa ku ofesi akuti ndi pa 31. Mawu amodzi omwewo atambasuka masiku khumi. Nanga mayi wochokera ku Namiasi alipire kabaza kangati kuti apeze tsiku lenileni?

Liwu lakuti "mawa" nalonso limasintha likagona panjira. Amfumu atuma mwana madzulo kuti akanene za msonkhano wa mawa, mwanayo apeza pakhomo palibe anthu, nakanena kutacha kuti "akuti mawa". Pamenepo tsiku lasuntha popanda wonama.

Tikupempha olengeza kuti azitchula zinthu zinayi pamodzi: dzina la tsiku, deti ndi mwezi wake, ola, ndi malo. Mlembi uja akananena kuti: "Msonkhano wa mjigo uliko Lachitatu pa 8 Okutobala, 2 koloko masana, pansi pa mtengo wa mango kwa amfumu." Dzina la tsiku ndi deti zisasiyane, chifukwa chimodzi chimayesa chinzake. Mukamva "Lachinayi pa 8 Okutobala" pamene kalendala ikuti pa 8 ndi Lachitatu, dziwani kuti wina waphonya, ndipo funsani musanachoke. Mukangotchula deti lokha kapena tsiku lokha, cholakwacho chidzaoneka msonkhano utapita kale.

Tikudziwa kuti agogo ambiri sasunga kalendala, ndipo kuwauza "pa 8" n'kuwasiya m'malere. Kwa iwowa onjezani kuwerenga kwa pakamwa: "Lero Lamulungu, tigona katatu." Ngati tsikulo lili patali, nenani kuti "padutsa Lamulungu limodzi pakati", kapena kumzikiti, "padutsa Lachisanu limodzi". Chidziwitso chomwecho chilembedwe pamapepala awiri ofanana, lina liwerengedwe kumzikiti Lachisanu, lina kutchalitchi Lamulungu, ndipo papepalapo pasapezeke "mawa", "mkuja" kapena "sabata yamawa", chifukwa owerenga awiriwo sawerenga tsiku limodzi. Ndipo amene watumidwa kukanena uthenga aubwereze pamaso pa womutuma asananyamuke.