Za Malonda a Pabanja: Pemphani Umboni Covala Citacapidwa

Mai wina wa mu mphakati wathu ali ndi makina osokera pafupi ndi msika wa Kapata ku Cipata. Manja ace ndi aluso, koma kwa zaka zitatu anali kusokera anthu amodzimodzi, ndipo miyezi ina makina anali kungokhala cete. Pomwe ndinamufunsa ngati anapemphapo aliyense kuti amuchule kwa anzace, anaseka mwamanyazi nati, "Nchito yabwino idzilankhulira yokha." Ndinamuyankha kuti diresi lilibe pakamwa. Munthu wokondwa abvala napita, koma wokhumudwa ndiye auza mudzi wonse.

Tinayamba ndi funso la nthawi. Ambiri apempha ciyamiko pa tsiku lotenga covala, mwini wace ali pagalasi kumwetulira. Mau a tsiku limenelo ndi aulemu cabe, pakuti msoko wofooka, zipi yoipa ndi nsaru yofota sizioneka covala cisanalowe m'madzi. Cotero tinagwirizana kuti adziyembekeza milungu itatu kapena inai, kufikira covalaco citacapidwa kawiri. Pamenepo funso loyamba lisakhale lopempha citamando, koma lakuti, "Amai, kodi pali pena pomwe pakubvutani?" Ngati m'khwapa mwathina, akonze mosalipiritsa, ndipo za umboni ayambe waziika pambali. Ngati ayankha kuti zonse ziri bwino, apo ndiye apemphe.

Nanga apemphe ciani? Mau akuti "asoka bwino" sathandiza mlendo, cifukwa telala aliyense anena zomwezo za iye mwini. Wofuna kusoketsa ali ndi mantha atatu: kuti nsaru yace idzaonongeka kapena kutsala kwa telala, kuti tsiku lolonjezedwa lidzapita, ndi kuti mtengo udzakwera nchito iri pakati. Umboni wamphamvu ndi womwe uyankha manthawo. Mai uja anagula buku lacikuto colimba, ndipo m'menemo yense wobvomera alemba ndi dzanja lace, kapena auza mwana kumulembera. Kholo lina linalemba kuti linasoketsa mayunifomu atatu a ana a sukulu, linalonjezedwa Cisanu ndipo linalandira Cinai, nsaru yotsala inabwezedwa, ndipo pakutha pa temu misoko inali yosamasuka. Mizere yoceperayo inaposa cikwangwani cace ca pakhomo. Mlendo akafika nayamba kukayika, mai uja angomupatsa bukulo kuti awerenge pomwe iye afuna tepi yopimira.

Cilolezo ndi cofunika. Dzina la munthu, nambala ya foni yace kapena cithunzi cace atabvala diresi sizionetsedwa kwa ena iye asanabvomere, ndipo kubvomera kulemba m'buku sikutanthauza kubvomera kuti cithunzi ciyende pa mafoni a anthu. Pa cithunzi ca mwana, kholo ndilo lifunsidwa. Ena akana, ndipo wokanayo musamusungire cakukhosi.

Mnzace wina anamulangiza kuti adzicotsako ndalama pa mtengo kwa yense wolemba zabwino, kapena kupempha alamu ace, omwe sanasoketsepo kanthu, kuti adzaze masamba. Apa ndinakana kwamtuwagalu. Lamulo lacisanu ndi citatu liletsa umboni wonama, ndipo silinapatule a malonda. Komanso bodza lotere lidziwika msanga: masamba onse atamanda mofanana, osachula tsiku kapena covala. Kuthokoza munthu amene wakubweretserani mnzace, mwina pomusokera kathumba ka nsaru zotsala, ndi nkhani ina, malinga ngati simunapangane zimenezo iye asanalankhule.

Bvuto lenileni linabwera zinthu zitayamba kuyenda. Mtsogoleri wa gulu la azimai anamuchula pa msonkhano wao, ndipo anafika azimai 24 ofuna mayunifomu a gulu, onse pasanathe milungu itatu. Mai uja atha kusoka asanu pa mlungu ali yekha, ndiye kuti 15 m'milungu itatuyo. Mtima unafuna kulandira onse. Koma wokuchulani kwa anzace wapinyolitsa dzina lace lomwe, ndipo mukalephera, manyazi agwera iye poyamba, sadzakuchulaninso. Cotero analandira 15, nauza otsalawo poyera kuti asankhe kuyembekeza milungu ina iwiri kapena kupita kwa telala wina, amene iye mwini anamuchula. Asanu ndi mmodzi anayembekeza, atatu anapita.

Tsopano yense wacilendo amufunsa kuti, "Anakuuzani za ine ndani?" Dzinalo alilemba kumapeto kwa buku, ndipo pa Sondo, Misa itatha ndipo anthu aturuka panja, apita kukamugwira canza munthuyo.