Kampani Yopindula Yosakhoma Msonkho: Kodi Boma Labedwa?

Mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma amadulidwa msonkho mwezi ndi mwezi malipiro asanafike m'manja mwake. Nchifukwa chake mtima umamuwawa akamva kuti kampani ina yapeza phindu chaka chino koma siinakhome msonkho wa phindulo ngakhale tambala imodzi. Ena amafulumira kunena kuti pachitika chinyengo. Nthawi zina nzoona, koma kawirikawiri chimene chachitika nchololedwa ndi lamulo la misonkho la dziko lino, limene limati kampani imene yaluza chaka china ichotse chitayikocho pa phindu la zaka zotsatira, kufikira zaka zisanu ndi chimodzi. Lamuloli silikondera eni chuma, ndipo masamu ake ndiwo mboni.

Pakhale makampani awiri, onse okhoma K30 pa K100 iliyonse ya phindu. Yoyamba igulitsa katundu wosasowa msika, ndipo ipindula K20 miliyoni chaka chilichonse. Pa zaka zitatu yapindula K60 miliyoni, yakhoma K18 miliyoni.

Yachiwiri ndi ya ulimi. Chaka choyamba kwagwa chilala chonga cha 2024, ndipo yaluza K30 miliyoni. Chaka chachiwiri yapindula K20 miliyoni, chachitatu mvula yagwa bwino ndipo yapindula K70 miliyoni. Kuphatikiza zaka zitatuzo, nayonso yapindula K60 miliyoni, monga inzake ija. Koma chaka chilichonse chikadawerengedwa pachokha, ikadakhoma K6 miliyoni chaka chachiwiri ndi K21 miliyoni chachitatu, zonse pamodzi K27 miliyoni. Ndiye kuti ikadakhoma K45 pa K100 iliyonse ya phindu lake lenileni, osati chifukwa cholemera kuposa inzake, koma chifukwa choti ntchito yake imadalira mvula.

Lamulo likonza zimenezi motere. Chaka chachiwiri phindu lonse la K20 miliyoni lilowa m'dzenje la chitayiko chija, msonkho palibe, ndipo patsala K10 miliyoni yosakwiriridwa. Chaka chachitatu yotsalayo ichotsedwa pa K70 miliyoni, msonkho nuwerengedwa pa K60 miliyoni, ndiwo K18 miliyoni. Makampani awiriwo akhoma mofanana. Chaka chachiwiri chija ndicho chimene munthu wapadera amachiona nadandaula, posadziwa za chilala chimene chinatsogola. Pajatu miyezi khumi ndi iwiri ndi muyeso chabe umene anthu anauika kuti mabuku azitsekedwa. Mtengo wa tiyi kapena wa makadamiya, umene umadya ndalama zaka zingapo usanabweze kanthu, suudziwa muyesowo.

Asaganize wina kuti woluza wapatsidwa mphatso. Boma silimbwezera ndalama, ngakhale msonkho umene anakhoma zaka za m'mbuyo. Ayenera kudikira kufikira atapindula, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zikatha phindu lisanakwane, chotsalacho chafa. Podikirapo chitayikocho sichibala chiwongola dzanja. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, kampani imene inali ndi chitayiko cha K30 miliyoni m'mabuku inatsala ndi nambala yomweyo, koma nambalayo inali itapepuka. Ndiponso chowerengedwa si chimene mwini malonda walemba yekha m'buku lake, koma chimene wapereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA ndipo chagwirizana ndi malamulo a msonkho. Ndalama zimene mwiniyo wadyera pakhomo pake sizilowamo.

Dandaulo la olipidwa pamwezi lili ndi malo ake penapake. Kampani imene ilemba kuluza chaka ndi chaka, koma ikumanga nyumba zatsopano ndi kuonjezera magalimoto, iyenera kufunsidwa bwino. Kawirikawiri phindu lake latulukira khomo lina: katundu wogulidwa pa mtengo wokwera kwa kampani yachibale ya kunja, kapena ngongole ya chiwongola dzanja chachikulu yochokera kwa eni ake omwe. Mankhwala a nthenda imeneyi ndi kufufuza mabuku, osati kufafaniza lamulo limene limateteza mlimi woona.

Palinso vuto la Boma lenilenilo, pakuti zaka zoipa zikatha, msonkho umachedwa kubwerera pamene zipatala ndi sukulu zikufuna ndalama lero. Dziko la South Africa linasankha njira yapakati: kuyambira 2023, kampani yopeza phindu lalikulu siingachotse chitayiko chakale choposa 80 pa 100 ya phindu la chakacho, ndipo chotsalacho chimapitirira kutsogolo. Pa njira yotere kampani ya ulimi ija ikadachotsa K16 miliyoni yokha chaka chachiwiri nikhoma K1.2 miliyoni, kenaka K16.8 miliyoni chaka chachitatu. Zonse pamodzi ndi K18 miliyoni yomwe ija; chasintha ndi nthawi yokhomera basi. Koma njirayo imachedwetsa kutha kwa chitayiko, motero dziko lokhala ndi malire a zaka zisanu ndi chimodzi likaitenga liyenera kutalikitsanso malirewo.