Masamu a zigoli alipo, koma sakwana kugonjetsa makampani obetchera

Pali chiyembekezo chomwe chakula pakati pa achinyamata odziwa kompyuta: kuti munthu akasonkhanitsa zotsatira za Premier League ya ku Mangalande, n'kuziwerengera mwamasamu, akhoza kumadya ndalama za makampani obetchera sabata ndi sabata. Theka la chiyembekezochi n'loona. Njira yowerengera mwayi wa timu ilipodi, ndipo aliyense amene anamaliza sekondale angaiphunzire madzulo amodzi. Theka linalo ndi lomwe likudyera anthu ndalama, ndipo ndikufuna ndionetse ndi manambala pamene pagona vuto.

Njirayi imachokera pa lamulo la masamu lomwe Siméon Poisson wa ku France anasindikiza mu 1837, lokhudza zinthu zochitika apo ndi apo, mosadalirana. Zigoli ndi zotero. Mu 1982 katswiri wina, Maher, anaonetsa kuti mukapatsa timu iliyonse nambala ya mphamvu yake yogoletsa ndi nambala ya kufooka kwake kumbuyo, lamuloli limalongosola bwino ndithu zotsatira za ligi ya ku Mangalande. Tiyerekeze kuti mu ligi matimu a pakwawo amagoletsa avereji ya zigoli 1.5 pamasewero. Timu yathu yagoletsa zigoli 34 m'masewero 19 a pakwawo, ndiye kuti 1.8 pamasewero, tikagawa ndi 1.5 tipeza mphamvu ya 1.2. Alendo ake amagoletsedwa 1.65 koyenda, kufooka kwawo ndi 1.1. Tikachulukitsa 1.5 ndi 1.2 ndi 1.1 tipeza pafupifupi zigoli 2.0 zomwe eni bwalo akuyembekezeka kugoletsa. Tinene kuti kuwerengera komweko kwapatsa alendo 1.0. Tsono mu Excel mungafunse mwayi woti eni bwalo agoletse chimodzi chokha:

```
=POISSON.DIST(1,2,FALSE)
```

Yankho ndi 0.27. Mukatero pa zigoli ziro mpaka khumi mbali zonse, n'kuchulukitsa awiriawiri, n'kuphatikiza zotsatira zonse zomwe eni bwalo ali patsogolo, mupeza kuti mwayi wawo wopambana ndi pafupifupi 61 peresenti, wolepherana 21, wa alendo 18. Ntchito yonse ndi imeneyo.

Tsopano onani mitengo yomwe kampani yaika, yomwe obetcha amati maodzi. Tinene kuti ndi 1.60, 4.00 ndi 5.00. Mukagawa 100 ndi nambala iliyonse mupeza 62.5, 25 ndi 20. Kuphatikiza zitatuzi kukupereka 107.5, pomwe mwayi wonse wa masewero sungapose 100. Zapamwambazo ndiye phindu la kampani, lobisika mkati mwa mtengo, monga amachitira wosintha ndalama amene amagula dola motchipa n'kuigulitsa modula. Mukachotsa phindulo, kampani ikuona kuti mwayi wa eni bwalo ndi 58 peresenti. Inu mukuti 61. Ngakhale mutakhala kuti mwalondola ndinu, K1,000 yobetchera pa 1.60 imabweza K970 paavereji. Mwaposa kampani pa kulosera, komabe mukuluza K30. Apa ndi pamene ambiri samvetsa: kulosera bwino sikokwanira, muyenera kuposa kampani ndi mpata waukulu kuposa phindu lomwe yadula kale.

Wina anganene kuti basi tidikire masewero omwe mtengo wakwera. Chabwino, tinene kuti kampani ina yaika 1.70. Pamenepo K1,000 ikubweza K1,030, phindu la 3 peresenti. Koma nambala ija ya 61 yaima pa chiyani? Yaima pa masewero 19 okha. Timu ija ikadagoletsa 31 m'malo mwa 34, penate imodzi kuphonyedwa, mipira iwiri kumenya chitsulo, zigoli zoyembekezeka zikadatsika kufika pa 1.8, mwayi wopambana n'kukhala 56 peresenti, ndipo K1,000 yomweyo ikadabweza pafupifupi K955. Zigoli zitatu m'sizoni yathunthu zasandutsa phindu kukhala kuluza. Ndipo lamulo la Poisson lomwelo limatiuza kuti timu yogoletsa 34 ikhoza kusiyana ndi zigoli zisanu ndi chimodzi uku kapena uku mwamwayi chabe, osewera ali omwewo. Mukafuna masewero ambiri pobwerera zaka zitatu mmbuyo, mukuwerengera timu yomwe kochi ndi osewera ake anachoka kale.

Anganenenso kuti njirayi ikhoza kukonzedwa, ndipo n'zoona. Mu 1997 Dixon ndi Coles anaonetsa kuti Poisson yokha siilondola bwino pa zotsatira za zigoli zochepa, 0-0, 1-0, 0-1 ndi 1-1, n'kuikapo chokonzera; anachititsanso kuti masewero aposachedwa azilemera kuposa akale. Koma ntchito imeneyi ili poyera kwa zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu. Makampani anaiwerenga kalekale, ali ndi akatswiri olipidwa kuti aiwongole, ndipo amadziwa zomwe tebulo lanu silidziwa: amene wavulala, amene wapumitsidwa chifukwa cha masewero a ku Ulaya mkati mwa sabata, ubwino wa mipata yomwe timu ikupanga ngakhale isanagoletse. Koposa zonse, amaona komwe ndalama za obetcha akuluakulu zikulowera, n'kusuntha mtengo mpaka wezulo ilire. Choncho nambala yanu ikasiyana kwambiri ndi ya kampani, kawirikawiri si kuti mwatulukira chuma. Pali nkhani yomwe simunaimve.

Nanga aja amaonetsa matikiti opambana mwezi wathunthu? Masamu ali ndi yankho lawonso. Munthu amene alidi ndi phindu la 3 peresenti, akabetcha K1,000 kokwana ka 1,000 pa mtengo wa 2.00, amayembekezera K30,000. Koma kugwedezeka kwamwayi pa kubetcha kochuluka chotero ndi pafupifupi K32,000 uku kapena uku, moti mmodzi mwa anthu asanu ndi mmodzi otere adzakhala ataluza, ngakhale njira yake ili yolondola. Sizoni ya Premier League ili ndi masewero 380 okha. Mwezi umodzi wabwino suuza munthu kanthu, ndipo n'chifukwa chake odziwa sayesa njira yawo ndi ndalama zomwe apata, koma poona ngati mtengo womwe anatenga umaposa mtengo womaliza masewero asanayambe, mobwerezabwereza kwa nthawi yayitali. Ochepa amene amakwanitsa izi, makampani ambiri a ku Britain amawachepetsera ndalama zomwe angabetche.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kuno kwathu ambiri sabetcha masewero amodzi, amalumikiza angapo pa tikiti imodzi. Phindu la kampani nalonso limachulukana. Pa mitengo ngati ija, masewero amodzi amabweza pafupifupi 93 tambala pa kwacha iliyonse. Mukalumikiza asanu, K1,000 imabweza K700 paavereji. Palibe tebulo la zigoli lomwe lingatseke dzenje la 30 peresenti.

Sindikuti musaphunzire njirayi. Imaphunzitsa munthu kuganiza ndi mwayi m'malo mwa chikondi cha timu, ndipo luso lake n'lomwelo lomwe a inshuwalansi amagwiritsa ntchito powerengera ngozi. Koma mukaimanga, iyeseni papepala sizoni yathunthu, mukulemba nambala yanu ndi mtengo womaliza wa masewero alionse, osaikapo ngakhale tambala. Ndalama ya lendi ndi fizi ya ana isalowe m'mayeso amenewa.